Dzina lanu lalembedwa kangati m'buku la ngongole?

Munthu akaima pamchenga wa Chikale m'bandakucha amaona nyali za asodzi zikuzima imodziimodzi pamene mabwato akubwerera kumtunda ndi usipa. Ambiri mwa asodzi amenewa sakhala pamalo amodzi chaka chonse. Mwezi uno ali padoko la Nkhata Bay, mwezi wamawa atsikira ku Chintheche kapena ku Tukombo, ndipo nsomba zikamveka kumpoto amalowera ku Usisya. Kulikonse komwe afika amagula katundu, ena pakashi, ena pangongole, ndipo dzina lawo limalowa m'buku.

Vuto limayamba pomwe mabuku a malo osiyanasiyana akumana patebulo limodzi. Sitolo, gulu losunga ndi kubwereketsa ndalama ngakhale kampani yogulitsa nyali za sola ikakhala ndi nthambi zingapo, pakutha pa mwezi wina amayenera kuphatikiza zonse zomwe nthambizo zalemba kuti mwini wake adziwe makasitomala alipo angati komanso ndalama zili kunja n'zingati. Pakuphatikizapo mizere ina imalowa kawiri, ina imasowa osadziwika. Wosazindikira amangowonkhetsa n'kupereka lipoti, ndipo mawa lake bambo wina amauzidwa kuti ali ndi ngongole ya K110,000 pomwe katundu yemwe adatenga ndi wa K55,000. Kunyumba mayi amayamba kufunsa kuti katundu winayo adapita kwa yani.

Nkhaniyi si ya masitolo ang'onoang'ono okha. M'chaka cha 2020, pomwe boma limayamba ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP, m'kaundula woyamba mudali mabanja pafupifupi 4.3 miliyoni. Mainawo atawafananiza ndi kaundula wa ziphaso za unzika wa bungwe la National Registration Bureau, chiwerengerocho chidatsika kufika pafupifupi 3.8 miliyoni. Maina pafupifupi 490,000 adachotsedwa, ena chifukwa chobwerezedwa, ena chifukwa sadagwirizane ndi kaundula wa ziphasozo. Chaka chomwecho thumba la feteleza la makilogalamu 50 limagulidwa pa K4,495 m'ndondomekoyi, choncho dzina lililonse lowonjezera lidali ndalama za boma. Komanso madandaulo adamveka m'madera ambiri kuchokera kwa alimi enieni omwe maina awo sadapezeke. Kuyeretsa kaundula kuli ndi mbali ziwiri, ndipo kulakwitsa mbali iliyonse kumapweteka munthu.

Kusowa kwa mizere nako kudachititsapo manyazi dziko lolemera. Ku England, pakati pa 25 Sepitembala ndi 2 Okutobala 2020, anthu 15,841 omwe adapezeka ndi Covid-19 sadalowe m'chiwerengero cha boma. Malo oyezera matenda amatumiza zotsatira ku bungwe la Public Health England, lomwe limaziphatikiza m'mafayilo a Excel a mtundu wakale, omwe amatha kusunga mizere 65,536 yokha. Fayilo ikadzaza, mizere yotsalayo imangotayika popanda chenjezo. Anthu omwe adakhudzana ndi odwalawo adachedwa kufufuzidwa kwa masiku angapo. Palibe yemwe adaba kalikonse, koma panalibe njira yoonetsa msanga kuti zomwe zatumizidwa ndi zomwe zafika n'zosiyana.

Mizere 262 m'malo mwa 250

Kuti zimveke bwino, yerekezani sitolo yogulitsa maukonde, zingwe ndi nyali za sola pangongole, yomwe ili ndi nthambi zitatu: paboma la Nkhata Bay, ku Chintheche ndi pa Mpamba. Sitoloyi ndi manambala ake ndi zongoyerekeza, koma zolakwika zake ndi zomwe zimachitikadi pantchito yotere. Kalaliki wake ndi mayi wa ku Chikale, ndipo pa 1 Epulo walandira zolemba za mwezi wa Malichi. A paboma amubweretsera fayilo pamanja, a ku Chintheche amatumiza pafoni sabata iliyonse, pomwe a pa Mpamba amajambula masamba a buku lawo n'kutumiza zithunzi pa WhatsApp kuti iye azilembe yekha pakompyuta.

Mzere uliwonse patsamba lake ukuimira lisiti imodzi. Danga loyamba, la A, ndi dzina la nthambi, la B ndi nambala ya lisiti, kenako tsiku, dzina la kasitomala, nambala ya chiphaso cha unzika, ndipo lomaliza, la F, ndi ndalama. Ataphatikiza zonse wapeza mizere 262 ndipo ndalama zonse zakwana K13,030,000.

Apa kalaliki wodziwa ntchito sayamba n'kufufuta kanthu. Choyamba amasunga mafayilo atatu aja monga momwe adabwerera, n'kugwirira ntchito pa kope. Chifukwa chake n'chakuti mzere wofufutidwa molakwika suoneka, ndipo pakadzabuka mkangano patapita miyezi iwiri, umboni wokhawo ndi zomwe nthambi idatumiza isadakhudzidwe.

Chachiwiri amaimbira manijala wa nthambi iliyonse n'kufunsa zinthu zitatu: lisiti yoyamba ya mweziwo ndi nambala yanji, yomaliza ndi nambala yanji, ndipo ndalama zonse malinga ndi buku la kaboni n'zingati. Mayankhowa ayenera kuchokera m'buku lenilenilo, osati m'fayilo yomwe adatumiza, apo ayi munthu akhala akufananiza cholakwika ndi cholakwika chomwecho. Nthambi iliyonse ya sitoloyi imayamba buku latsopano pa nambala 1 mwezi uliwonse. Paboma ayankha kuti adalemba malisiti 120 a K6,150,000, ku Chintheche 80 a K4,200,000, pa Mpamba 50 a K2,300,000. Zonse pamodzi ndi malisiti 250 a K12,650,000.

Kusiyana kukuoneka kochepa: mizere 12 ndi K380,000. Munthu wotopa akhoza kunena kuti pa ndalama zoposa K12 miliyoni, kusiyana kotere n'kwa madzi akumwa. Koma kuwerenga nthambi iliyonse payokha kukuonetsa zina. Paboma mizere ilipodi 120, koma ndalama zikungokwana K5,850,000. Ku Chintheche mizere ilipo 100 m'malo mwa 80, ndalama K5,300,000. Pa Mpamba ilipo 42 m'malo mwa 50, ndalama K1,880,000.

Tsono mizere yolakwika si 12 ayi. Pali 20 yowonjezera ndi 8 yosowa, ndipo pakuwonkhetsa zidabisana. Ndalama nazo chimodzimodzi: K1,100,000 yowonjezera ku Chintheche, K420,000 yosowa pa Mpamba ndi K300,000 yosowa paboma. Ndalama zolakwika zonse ndi K1,820,000, ngakhale pansi pa tsamba pakuoneka K380,000 yokha. Zikadatheka kuti zowonjezera ndi zosowa zifanane ndendende, chiwonkhetso chikadatuluka cholondola pomwe ngongole za anthu ambiri zili zabodza. N'chifukwa chake kufananiza kumachitika nthambi ndi nthambi, ndipo kumachitika pa chiwerengero cha mizere komanso pa ndalama.

Mapasa enieni ndi ongofanana nkhope

Mizere 20 ya ku Chintheche siyovuta kumvetsa. Sabata yomaliza ya mwezi netiweki idavuta, manijala adaganiza kuti fayilo sidapite, ndiye adatumizanso. Kalaliki adalandira zonse ziwiri n'kuziika patsamba. Chovuta ndi kudziwa kuti mzere wobwerezedwa ndi uti, popeza si mizere yonse yofanana yomwe ili yobwerezedwa.

Msodzi akhoza kutenga nyali ya K25,000 m'mawa, madzulo n'kubweranso kudzatengera ina mnzake wa m'bwato. Dzina ndi lomwelo, tsiku lomwelo, ndalama zomwezo, koma malisiti ndi awiri, nambala 57 ndi 58. Pulogalamu ya Excel ili ndi batani lolembedwa Remove Duplicates, lomwe limasiya mzere woyamba n'kuchotsa ena onse ofanana nawo m'madanga omwe munthu wasankha. Kalaliki akasankha dzina, tsiku ndi ndalama, lisiti 58 ipita, ndipo sitolo itaya K25,000 yomwe palibe adzaifunse.

Akasankha nambala ya lisiti yokha, ngozi yake ndi yaikulu kuposa apo. Lisiti nambala 7 ilipo paboma, ilipo ku Chintheche, iliponso pa Mpamba, ndipo ndi ya anthu atatu osiyana. Popeza mizere ya paboma ili pamwamba ndipo ikuyambira 1 mpaka 120, batanilo liona mizere yonse ya nthambi ziwiri zinazo ngati yobwereza. Patsamba patsala mizere 120 yokha.

Chomwe chimasiyanitsa mzere umodzi ndi ina yonse m'sitoloyi ndi zinthu ziwiri pamodzi: dzina la nthambi ndi nambala ya lisiti. Chintheche 63 iyenera kupezeka kamodzi kokha. M'malo mothamangira kufufuta, kalaliki amatsegula danga latsopano n'kulembamo lamulo loti kompyuta iwerenge kuti nthambi ndi nambala za pamzerewo zikupezeka kangati patsamba lonse:

```
=COUNTIFS(A:A,A2,B:B,B2)
```

Akalikokera mpaka pansi, mizere yabwino ionetsa 1. Pa chitsanzochi mizere 40 ionetsa 2, kutanthauza malisiti 20 olembedwa kawiri, kuyambira Chintheche 61 mpaka 80. Kupezeka kwake motsatizana choncho ndiko kumaulula kuti ndi fayilo yathunthu yomwe idalowa kawiri. Ikadakhala yomwazikana, pakadafunika kukayikira wolemba.

Asadachotse, amaika awiriawiriwo moyandikana n'kuwayang'ana. Nthawi zina manijala potumizanso amakhala atakonza kanthu, mwina adalemba K45,000 poyamba n'kuzindikira kuti ndi K54,000. Batani lija likauzidwa kufananiza madanga onse, mizere iwiriyi liisiya yonse chifukwa ikusiyana pa ndalama. Likauzidwa kufananiza nthambi ndi lisiti zokha, lisunga woyamba, womwe ndi wolakwikawo. Kompyuta sidziwa kuti woona ndi uti, chomwe chimadziwa ndi pepala la kaboni. Pa chitsanzochi awiriawiri onse afanana ndendende, ndipo 20 owonjezerawo akukwana K1,100,000, ndalama yomweyo yomwe idapitirira. Kugwirizana kumeneku ndiko kumapatsa kalaliki mtima woti achotse. Mizere yochotsedwayo saitaya, amaisamutsira patsamba lina n'kulemba chifukwa chake. Chintheche yabwerera pa mizere 80 ndi K4,200,000.

Aliponso mlendo wina yemwe amakonda kuzembera m'tsamba lophatikiza. Nthambi zambiri zimalemba chiwonkhetso pansi pa mndandanda wawo, ndipo mzere umenewu ukakopedwa limodzi ndi ina, ndalama za nthambiyo zimatuluka zowirikiza kawiri ndendende. Ndalama zikapitirira motero, koyamba kuyang'ana ndi mzere wopanda nambala ya lisiti.

Chosowa sichiitana

Mzere wobwerezedwa umaoneka ndi maso, koma wosowa susiya dzenje patsamba. Mizere 42 ya pa Mpamba ili bwinobwino motsatizana, ndipo popanda foni ija palibe akadadziwa. Njira yopezera ndi kulemba manambala 1 mpaka 50 m'danga lina, monga la H, n'kufunsa kompyuta kuti iliyonse ikupezeka kangati:

```
=COUNTIFS(A:A,"Mpamba",B:B,H2)
```

Pomwe payankha 0 ndi pomwe pasowa. Wopanda kompyuta akhoza kuchita zomwezo ndi pensulo, kuchonga nambala iliyonse papepala. Apa zapezeka kuti 31 mpaka 38 palibe. Tsamba limodzi la buku la pa Mpamba limatenga mizere isanu ndi itatu, choncho chithunzi chimodzi sichidatumizidwe. Manijala wachitumiza, ndipo mizere isanu ndi itatuyo yakwana K420,000.

Njirayi ili ndi malire ake. Imagwira zosowa za pakati, koma zikadasowa 43 mpaka 50, mndandanda ukadaoneka wathunthu kuyambira 1 mpaka 42. N'chifukwa chake funso la lisiti yomaliza liyenera kufunsidwa. Komanso si nambala iliyonse yosowa yomwe ili ngongole yotayika. Lisiti ina idalakwika polemba ndipo idathetsedwa. Yotere iyenera kupezeka m'buku ili ndi mapepala ake onse, la pamwamba ndi la kaboni, itadulidwa mzere. Likapezeka la kaboni lokha, ndiye kuti la pamwamba lili m'thumba la kasitomala wina, ndipo mwini sitolo ali ndi mafunso oti afunse.

Zosowa za paboma ndi za mtundu wina. Mizere yonse 120 ilipo, koma itatu ilibe kanthu m'danga la ndalama. Apa ndi pomwe makalaliki ambiri amagwa m'mayesero, popeza kabokosi kopanda kanthu kamaoneka ngati ntchito yosamaliza ndipo dzanja limayabwa kuti lilembemo china chake.

Ena amalembamo 0. Koma 0 akutanthauza kuti munthuyo alibe ngongole, pomwe choona n'chakuti ngongole yake sikudziwika. Zimasokonezanso avereji. Mizere 117 yodzaza ikukwana K5,850,000, kutanthauza K50,000 pa lisiti iliyonse. Lamulo la AVERAGE mu Excel limadumpha timabokosi topanda kanthu koma limawerenga 0 ngati nambala, choncho ziro atatu aja atsitsa avereji kufika pa K48,750.

Ena ophunzirako pang'ono amadzazamo avereji, K50,000 pamzere uliwonse, poganiza kuti zosowazo zikufanana ndi zinzake. Njirayi imagwiritsidwapo ntchito pa kafukufuku wa anthu ambiri, pomwe cholinga ndi kuona chithunzi chonse, ngakhale kumeneko imakhala ndi zovuta zake. Pa ngongole ya munthu siyoyenera n'komwe. Buku la kaboni laonetsa kuti malisiti atatuwo ndi a K15,000, K25,000 ndi K260,000, pamodzi K300,000, pomwe avereji ikadapereka K150,000 yokha. Kasitomala wa K15,000 akadasenzetsedwa K35,000 yosadziwa, pomwe wa K260,000 akadakhululukidwa K210,000.

Lisiti yaikuluyo sidasiyidwe mwangozi. Udali ukonde, ndipo wogulitsa adadikira kuti mwini sitolo avomereze mtengo, kenako adalemba m'buku n'kuiwala kulemba pakompyuta. Zimakonda kutero: zomwe zimasowa nthawi zambiri ndi zachilendo, zazikulu kapena zokanganirana. Kuganiza kuti zosowa zikufanana ndi zomwe zilipo ndiko kulakwitsa komwe kumadya ndalama zambiri.

Pali kusowa kwinanso kobisika. Wina akalemba ndalama motere, K25,000, ndi chilembo cha K kutsogolo, kapena akaika chilembo O m'malo mwa ziro, kompyuta imaona ngati ndi mawu ndipo lamulo la SUM limadumpha kabokosiko mwakachetechete. Maso aona ndalama, chiwonkhetso chilibe. Chizindikiro chake n'chakuti manambala enieni amatsamira kumanja kwa kabokosi pomwe mawu amatsamira kumanzere. Lamulo la COUNT, lomwe limawerenga manambala okha, liyenera kupereka 250 pa danga la ndalama. Likapereka zochepa, penapake pabisala mawu.

Pofika apa tsamba lili ndi mizere 250 ndi K12,650,000, ndipo nthambi iliyonse ikugwirizana ndi buku lake.

Chirwa wa paboma, Chilwa wa ku Chintheche

Funso lachiwiri la mwini sitolo ndi lovuta kuposa loyamba: makasitomala alipo angati? Malisiti 250 si anthu 250, popeza ena adatenga katundu kangapo. Kuwerenga maina nako sikuthandiza. Wolemba wina alemba Chirwa, wina Chilwa. Wina Mhone, wina Mhoni. Wina ayamba ndi dzina la bambo, wina ndi la mwini wake. Mayi adalembetsa paboma ndi dzina la kwawo, pa Mpamba ndi la mwamuna wake. Ngakhale kampata kamodzi kosaoneka kumapeto kwa dzina kamachititsa kompyuta kuona anthu awiri, ndipo lamulo la TRIM ndi lomwe limachotsa timipata totere.

Sitoloyi ili ndi lamulo loti munthu asapitirire K100,000 popanda chilolezo cha mwini wake. Msodzi yemwe watenga katundu wa K70,000 paboma ngati Chirwa, ndi wa K60,000 ku Chintheche ngati Chilwa, ali ndi ngongole ya K130,000, koma nthambi iliyonse ikumuona ali m'malire. Mwina sadafune kunyenga aliyense, adangotsata usipa.

Kulakwitsa kwa mbali inayo n'koopsa kwambiri kwa mabanja. M'boma la Nkhata Bay a Chirwa, a Banda, a Phiri ndi a Manda ndi ambirimbiri, ndipo mwana kutenga dzina la agogo ake si chachilendo. Anthu awiri a dzina limodzi, a mudzi umodzi, akhoza kukhala msuweni ndi msuweni. Kalaliki akawaphatikiza kukhala munthu mmodzi, ngongole ya wina igwera mnzake, ndipo wosalakwayo ndi yemwe adzakanizidwe katundu kapena kulandidwa injini. Kusiya munthu mmodzi ali pawiri kumasokoneza chiwerengero, koma kuphatikiza anthu awiri kumaika mlandu pa munthu. Pokayikitsa, ndi bwino kusaphatikiza mpaka umboni upezeke.

Nambala ya foni imathandiza koma siyodalirika payokha. Foni imodzi imagwiritsidwa ntchito ndi banja lonse, munthu mmodzi amakhala ndi ya Airtel ndi ya TNM, ndipo Excel imameza ziro woyamba, kotero nambala yoyamba ndi 0999 imasanduka yoyamba ndi 999, pomwe nthambi ina idailemba moyamba ndi +265.

Chomwe chidasintha zinthu ndi chiphaso cha unzika. Kalembera wa dziko lonse adachitika m'chaka cha 2017 ndipo anthu oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo adalembetsa. Nambala ya pachiphaso ndi ya munthu mmodzi yekha, choncho Chirwa ndi Chilwa akakhala ndi nambala imodzi, nkhani yatha. Koma nambalayi ndi yosakaniza zilembo ndi manambala, ndipo polemba pamanja 5 amasanduka S, 8 amasanduka B. Manambala awiri akasiyana pa chilembo chimodzi chokha pomwe dzina ndi mudzi zikufanana, kalaliki amaika chizindikiro n'kupempha nthambi kuti idzaonenso chiphasocho.

Pa malisiti 250 aja, 232 ali ndi nambala ya chiphaso, ndipo manambala osiyana alipo 171. Malisiti 18 alibe. Apa batani la Remove Duplicates lili ndi msampha wina: likauzidwa kufananiza danga la chiphaso, timabokosi tonse topanda kanthu limationa ngati tofanana, ndipo malisiti 18 awerengedwa ngati a munthu mmodzi. Mizere yopanda chiphaso imayenera kupatulidwa kaye n'kuunikidwa payokha.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kalaliki watha masiku awiri akuimba mafoni. Malisiti 11 apezeka kuti ndi a anthu omwe awerengedwa kale, omwe tsikulo adaiwala chiphaso kunyumba. Asanu ndi a anthu asanu atsopano. Awiri atsala osadziwika, chifukwa eni ake ali ku Likoma ndipo mafoni awo sakupezeka. Makasitomala otsimikizika ndi 176, ndipo akhoza kufika 178.

Lipoti labwino limanena zimenezo poyera. Pansi pa manambala a mwezi, kalaliki amalemba mizere ingapo: adalandira mizere 262, adachotsa 20 ya Chintheche 61 mpaka 80 yomwe idalowa kawiri, adawonjezera 8 ya Mpamba 31 mpaka 38, adadzaza ndalama za malisiti atatu a paboma kuchokera m'buku la kaboni, ndipo malisiti awiri eni ake sadatsimikizike. Aliyense akhoza kuyesa yekha: 262 kuchotsa 20 kuwonjezera 8 ndi 250. Bwana wina sakonda kumva zoti 176 kapena 178, amafuna nambala imodzi. Koma nambala imodzi yongopeka idzabwereranso mwezi wamawa itakula.

Mwezi wotsatira ntchitoyi ikhoza kuchepa ngati sitolo itasintha zinthu zochepa. Mabuku a malisiti asamayambe onse pa 1, kapena nambala iliyonse ikhale ndi chilembo cha nthambi kutsogolo. Fayilo iliyonse izibwera ndi uthenga wonena lisiti yoyamba, yomaliza ndi ndalama zonse. Wotumizanso fayilo azinena kuti ikulowa m'malo mwa yoyamba.

Kwa wogula pangongole

Zonsezi zimachitikanso pa buku la zobweza. Mzere wa K30,000 yomwe mayi adapereka pa Mpamba ukasowa, kulikulu aoneka ngati sadalipire. Choncho kasitomala wopita kukadandaula asangonena kuti ndalamazo si zoona. Apemphe kuti amuonetse mizere yonse yomwe ili pa dzina lake, ndi nthambi, tsiku komanso nambala ya lisiti ya mzere uliwonse, n'kufananiza ndi malisiti omwe ali nawo. Nambala imodzi ya nthambi imodzi ikaoneka kawiri, ngongoleyo yabwerezedwa. Ikaoneka lisiti ya nthambi yomwe sadapondeko, afunse nambala ya chiphaso yomwe ili pamzerewo. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act, lomwe lidakhazikitsidwa m'chaka cha 2024, limapatsa munthu ufulu woona zomwe bungwe lasunga zokhudza iye komanso wopempha kuti zolakwika zikonzedwe.

Malisiti a timakina tosindikiza amafufutika msanga ndi kutentha kwa kunyanja, ndipo pakatha miyezi ingapo pepalalo limatha kutsala loyera. Kujambula lisiti pafoni tsiku lomwelo, nambala yake ikuoneka bwino, kumasunga umboniwo ngakhale pepalalo litanyowa m'bwato.